Batani la Download likuoneka pa mavidiyo ena, pa ena palibe: vuto limakhala pati?

Aphunzitsi Nabanda: Moni nonse. Ndithandizeni maganizo. Pa YouTube pali mndandanda wa mavidiyo 12 a masamu a Fomu 4 omwe ndikufuna ana azionera kusukulu, komwe netiweki ndi yovuta. Mavidiyo 9 adawunilodeka bwinobwino. Awiri ndikadina batani la Download akukana, ndipo imodzi batanilo palibiretu. Onsewa adaika ndi munthu mmodzi, foni ndi yomweyomweyo, bandulo ndi yomweyomweyo. Nanga kusiyana kukuchokera pati? Ndipo pali njira yodziwira msanga ndisanawononge deta?

Che Jafali: Aphunzitsi, ingodinani Save basi. Pansi pa vidiyo iliyonse pali Save, sinakanepo.

Kondwani wa mafoni: Che Jafali, Save ndi Download ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsikira. Save pa YouTube imangolemba dzina la vidiyo pa mndandanda wanu, monga Watch later, kuti mudzaipeze msanga. Vidiyoyo siilowa m'foni ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake siikana: palibe chomwe yatenga. Save video ya pa Facebook nayo imachita chimodzimodzi. Mukazimitsa deta n'kuitsegula, mupeza kachithunzi chabe kakungozungulira.

Tsono funso la aphunzitsi. Chomwe apu ya YouTube kapena ya Netflix imaika m'foni mukadina Download si fayilo wamba ngati ija ya pa WhatsApp. Ndi fayilo yokhoma, ndipo pambali pake pamabwera kiyi wake, yemwe amatchedwa layisensi. Kiyiyo amamangiriridwa ku akaunti yanu, ku foni imeneyo, komanso amakhala ndi tsiku lothera. Zili ngati dishi ya DStv: chithunzi chimafika ndithu padenga la aliyense, koma dikoda imatsegula matchanelo okhawo omwe khadi yanu yaloledwa. Choncho batani la Download limagwira ntchito pokhapokha zinthu zinayi zitagwirizana. Mwini vidiyo kapena mwini nyimbo zomwe zili m'katimo walola, dziko lomwe muli laloledwa, akaunti yanu ndi ya mtundu woyenera, ndiponso foni yanu ikutha kusunga kiyiyo. Pa nkhani yanuyi foni, dziko ndi akaunti sizinasinthe pa mavidiyo onse 12, ndiye tikayikire choyambacho.

Madalitso: Ine ndikuona kuti ndi kutalika. YouTube siilola kudawuniloda mavidiyo aatali ngati sulipira Premium. Aphunzitsi, atatuwo si aatali kuposa enawo?

Aphunzitsi Nabanda: Yomwe ilibe batani ndi yaitalidi, pafupifupi maola awiri, ndipo yalembedwa kuti idaulutsidwa pompopompo dzulo. Koma awiri enawo ndi aafupi, mphindi 20 iliyonse. Mwa omwe adawunilodeka muli ina ya mphindi 50.

Anaphiri: Ndiye yankho mwalipereka nokha. A Madalitso alondola mbali ya Premium, koma kutalika si chifukwa chake. Vidiyo yaitali imatha kulephera chifukwa malo m'foni achepa, ndipo pamenepo apu imanena za malo, batani silisowa.

Yomwe idaulutsidwa pompopompo ndi yosavuta. Vidiyo ikamaulutsidwa, palibe fayilo yathunthu yoti n'kutsitsa, ndipo ikangotha YouTube imayamba yaikonza kaye m'misinkhu yosiyanasiyana ya chithunzi. Ya maola awiri imatenga nthawi. Idikireni tsiku limodzi kapena awiri muionenso, kawirikawiri batani limatulukira lokha.

Awiri aafupiwo atseguleni mumvetsere chiyambi ndi mathero ake. Ndikukhulupirira kuti mupezamo nyimbo ya woimba wodziwika. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID omwe amamvetsera vidiyo iliyonse yoikidwa n'kuiyerekeza ndi nyimbo komanso mafilimu omwe eni ake adalembetsa. Akapeza zofanana, ngakhale ka masekondi ochepa, mwini nyimboyo amapatsidwa mphamvu pa vidiyo yonseyo: akhoza kutenga ndalama za malonda, akhoza kuitseka m'maiko ena, ndipo malamulo a nyimbo amayamba kugwira pa vidiyo ya masamu. Kudawuniloda kwaulere komwe YouTube idalola m'maiko ena, ambiri mwa iwo a kuno ku Africa ndi ku Asia, n'kwa mavidiyo osankhidwa, si onse, ndipo nyimbo ndi zomwe zimatsala kunja kawirikawiri. Kuti mutsimikize, tsegulani mawu ofotokoza vidiyo, mutsike mpaka pansi penipeni. Mukapeza kagawo kolembedwa Music kakutchula dzina la nyimbo ndi woimba, dziwani kuti makinawo aigwira.

Aphunzitsi Nabanda: Ndaona. Onse awiri ali ndi kagawo ka Music pansi, enawo alibe. Imodzi ikundiuza kuti ndilowe Premium, inayo batani lake ndi lotuwa basi.

Anaphiri: Mauthenga awiriwo samatanthauza chinthu chimodzi, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa musanaganize zolipira. Ikamakuitanirani ku Premium, ikutanthauza kuti vidiyoyo imadawunilodeka, kungoti si pa akaunti yaulere. Batani likakhala lotuwa, kapena likanena kuti vidiyoyi siipezeka popanda intaneti, ndiye kuti yatsekedwa, ndipo kulipira sikutsimikiza kuti itseguka. Anthu ena amaganiza kuti Premium imatsegula chilichonse. Imatsegula zambiri, koma siiposa mawu a mwini katundu.

Njira yoongoka kwa inu ndi kulembera mwini tchaneloyo. Munthu yemwe adaika vidiyo amatha kulowa mu YouTube Studio n'kutsitsa vidiyo yake ngati fayilo wamba ya MP4, ya 720p kapena 360p. Angathenso kungokutumizirani fayilo yake yoyambirira ilibe nyimbo. Aphunzitsi ambiri oika maphunziro amavomera akamva kuti n'za ana asukulu, ndipo fayilo imeneyo mukhoza kuiika pa laputopu kapena pa fulashi popanda tsiku lothera.

Madalitso: Tsiku lothera litinso? Ine ndimadziwa kuti ukadawuniloda ndiye basi, ndi yako mpaka utaifufuta wekha.

Kondwani wa mafoni: Ayi achimwene, ndipo izi zikukhudza mavidiyo 9 a aphunzitsi aja. Kiyi uja amafuna kutsitsimutsidwa. Pa kudawuniloda kwaulere, lamulo lomwe YouTube imalemba ndi maola 48: foni ikatha masiku awiri osalumikizika pa intaneti, mavidiyo amakana kutseguka mpaka italumikizikanso. M'maiko ena mavidiyo omwe si a nyimbo amafika masiku 29, ndipo a Premium nawo ndi masiku 29. Kulumikizikako sikutsitsanso vidiyo yonse. Apu imangofunsa kuti vidiyoyi ikadalipo, ikadali yololedwa, n'kulandira kiyi watsopano. Deta yake ndi yochepa kwambiri, netiweki yofooka imakwanira, bola mutsegule apuyo ndithu ndi kuisiya kwa mphindi zingapo.

Pa kufunsa komweko ndi pomwe vidiyo imathanso kufa. Mwini wake akaifufuta, akaibisa kuti ikhale Private, kapena mwini nyimbo akasintha maganizo, foni ikangolumikizika vidiyoyo imachotsedwa pa mndandanda wa Downloads kapena imatuwa. Anthu amabwera kudzadandaula kuti foni yadya mavidiyo, pomwe foni ilibe mlandu.

Yamikani ku Joni: Pa maola 48 ndikutsutsako. Mavidiyo a maphunziro amatha sabata yathunthu foni ili yozimitsa deta, ndipo amaseweredwa bwinobwino. Mwina lamulolo ndi lakale.

Kondwani wa mafoni: N'zotheka, chifukwa zimatengera dziko ndi mtundu wa vidiyo, monga ndanenera za masiku 29. Komanso foni zambiri zimalumikizika mwakachetechete zikadutsa pa Wi-Fi yomwe zikuidziwa, kiyi n'kutsitsimuka mwini wake osazindikira. Kwa aphunzitsi ndinganene kuti akonzekere ngati ndi maola 48. Akapeza kuti mavidiyo awo akupitirira pamenepo, ndi phindu.

Thoko: Ndilowetseko za Netflix, popeza kumeneko chisokonezo n'chachikulu kuposa. Netflix idayamba kulola kudawuniloda mu Novembala 2016, ndipo kuyambira pomwepo sizinakhalepo za mafilimu onse. Chifukwa chake ndi mapangano. Kampani yomwe idapanga filimu siigulitsa filimuyo ngati chinthu chimodzi. Imagulitsa ufulu woonetsa m'makanema paokha, wa pa TV paokha, woonetsa pa intaneti paokha, wolola anthu kusunga m'foni paokha, ndipo uliwonse umagulitsidwa dziko ndi dziko kwa zaka zowerengeka. Netflix ikhoza kugula ufulu woonetsa filimu pa intaneti ku Malawi, ufulu wosunga n'kukhala kuti uli kale ndi kampani ina, kapena mwini wake sakugulitsa, kapena mtengo wake waona kuti supindula. Ngakhale ena mwa mafilimu okhala ndi chizindikiro cha N chofiira sadawunilodeka, chifukwa adapangidwa mogwirizana ndi kampani ina yomwe ikadali mwini nkhaniyo.

Kuona ngati filimu ikutheka n'kosavuta. Itseguleni pa tsamba lake musanaiseweretse. Filimu imodzi imakhala ndi batani la Download pansi pa Play. Sewero la magawo limakhala ndi kamuvi koloza pansi pambali pa gawo lililonse. Palibe kamuvi, ndiye kuti sizitheka pa foniyo m'dziko limenelo lero. Ngati mukufuna kusankha pakati pa zotheka zokhazokha, pitani pa My Netflix, kenako Downloads, mudine pomwe akukuitanani kuti muone zomwe mungadawunilode. Mawu ake amasinthasintha malinga ndi apu yomwe muli nayo, koma mndandanda womwe umatuluka ndi wa zokhazo zololedwa.

Che Jafali: Ine pa laputopu kamuviko sindinakaonepo ngakhale pa filimu imodzi. Ndiye kuti akaunti yanga ndi yotsika?

Thoko: Si akaunti, Che Jafali, ndi chipangizocho. Netflix siidawuniloda kudzera pa Chrome, Edge kapena Firefox. Kale apu ya pa Windows inkatha, koma mu 2024 adaisintha n'kuchotsamo kudawuniloda. Pa Mac palibe apu yake. Zomwe zimatha ndi foni ndi tabuleti za Android, iPhone, iPad, tabuleti za Amazon Fire ndi Chromebook yokhala ndi Play Store. TV nayo siisunga. Apa pali kayezedwe kothandiza: kamuvi kakasowa pa mafilimu onse, vuto ndi chipangizo kapena apu. Kakasowa pa filimu imodzi yokha, vuto ndi pangano la filimuyo, ndipo kuchotsa apu n'kuikanso sikuthandiza kanthu, mungotayanso zomwe mudasunga kale.

YouTube pa kompyuta ndi yosiyana pang'ono. A Premium amatha kudawuniloda pa Chrome, Edge, Firefox ndi Opera, koma vidiyoyo imakhala m'kati mwa pulogalamu yotsegulira intanetiyo, siipezeka m'foda yoti n'kukopera.

Yamikani ku Joni: Nayi nkhani ya Netflix yomwe imachitikira anthu ambiri okwera basi kuchoka kuno kupita kumudzi. Munthu wadawuniloda magawo 10 a sewero ali ku Joni, waonera atatu panjira, wafika pa Mwanza waika simu ya Airtel kapena TNM, magawo otsala akana. Malo m'foni akuonetsa kuti mafayilo alimo ndithu. Izi mukuzifotokoza bwanji?

Thoko: Pali zinthu zitatu zomwe zingachite zimenezo, ndipo uthenga womwe uli pa gawo lokanalo umasonyeza kuti ndi chiti. Tiyeni tiziyende chimodzichimodzi pa magawo 10 omwewo.

Choyamba ndi dziko. Foni ili pa basi popanda intaneti, apu ikudziwa kuti ili ku South Africa, ndiye magawo akutseguka. Simu ya ku Malawi itangogwira deta, apu yaona kuti tsopano ili ku Malawi. Ngati sewerolo Netflix ili ndi ufulu wake ku South Africa koma osati ku Malawi, magawo onse amakana nthawi imodzi, oonera kale ndi osaonera omwe, ndipo uthenga umatchula dziko kapena dera. Kuti mutsimikize, lembani dzina la sewerolo pofufuzira muli ku Malawi. Likapanda kutuluka, ndi zimenezo. Mafayilo musafufute ngati mukubwereranso, chifukwa amatha kutsegukanso foni ikalumikizika ku South Africa, bola nthawi yawo isanathe.

Chachiwiri ndi nthawi. Mafilimu ena kiyi wawo amatha maola 48 kuchokera pomwe mwadina Play koyamba. Zikakhala zimenezo, omwe akana ndi atatu oyambidwa aja, 7 osakhudzidwa akadali bwino, ndipo pa okanawo palembedwa Expired. Netflix imaonetsa nthawi yotsala pa Downloads ngati kwatsala masiku osakwana 7. Mankhwala ake ndi kudina pa gawolo muli pa intaneti n'kusankha kulitsitsimutsa. Koma dziwani kuti mafilimu ena ali ndi malire a kangati pachaka akaunti imodzi ingawadawunilode, ndipo kutsitsimutsa kumawerengedwa. Apu imachenjeza ikatsala nthawi yomaliza.

Chachitatu ndi choti sewerolo lachoka pa Netflix chifukwa pangano latha. Apa palibe chochita, ndipo kubwerera ku Joni sikuthandiza. N'chifukwa chake musanatsitse magawo 10 a ulendo, yang'anani pa tsamba la sewerolo ngati alembapo tsiku lomaliza kuonera.

Madalitso: Ndiye pa choyambacho VPN ithetsa nkhani. Kungoika kuti uli ku South Africa basi.

Thoko: Nthawi zina zimaoneka ngati zatheka, koma Netflix imazindikira ma VPN ambiri, ndipo ikazindikira imangokuonetsani mafilimu okhawo omwe ili ndi ufulu wawo padziko lonse, kapena imakana kuseweretsa mpaka mutazimitsa. Zotsatira zake mndandanda umachepa m'malo mokula. Ndipotu munthu akadandaula kuti mafilimu ambiri asowa mwadzidzidzi, choyamba kuona ndi chakuti VPN siinatsale yoyaka. Chomwe chimagwira ntchito pa ulendo wa a Yamikani ndi kusalola apu ya Netflix kugwira intaneti mpaka magawowo atatha, malinga ngati makiyi ake sanathe.

Anaphiri: Pali malire enanso a akaunti omwe amaoneka ngati filimu yakana pomwe filimu ilibe vuto. Netflix imawerenga zipangizo zomwe zili ndi mafilimu osungidwa. Pulani ya Mobile ndi ya Basic zimalola chipangizo chimodzi, Standard ziwiri, Premium 6. Pabanja pomwe anthu anayi akugwiritsa ntchito Standard, wachitatu akadina Download amauzidwa kuti zipangizo zachuluka. Kamuvi kamakhalapo, kungoti kamakana pomaliza. Kuti malo apezeke, wina afufute zonse zomwe adasunga pa foni yake ali pa intaneti. Ngati foniyo idabedwa kapena idafa, mwini akaunti alowe pa tsamba la Account, apeze Manage download devices, achotse foniyo. Foni yakufa imapitiriza kudya malo mpaka mutaichotsa nokha.

Chipangizo chimodzi chimasunga mpaka zinthu 100. A Thoko ndi ena omwe ali ku Britain, komwe kuli pulani yotchipa yokhala ndi malonda, malire ndi 15 pa chipangizo pamwezi, ndipo mafilimu ena pa pulaniyo amakhala ndi kaloko, saoneka n'komwe.

Thoko: Zoona, ndipo 15 imeneyo imayambiranso pa 1 mwezi uliwonse. Kufufuta zomwe mwaonera sikubweza nambala.

Kondwani wa mafoni: Ndibwerere ku foni, chifukwa ndi zomwe zimafika pa benchi tsiku ndi tsiku. Loko ya mafayilowa pa Android imatchedwa Widevine, ndi ya Google. Ya Apple ndi FairPlay. Widevine ili ndi misinkhu, ndipo yomwe mungakumane nayo ndi L1 ndi L3. Pa L1 kiyi amasungidwa m'kachigawo kotetezedwa ka purosesa, komwe mapulogalamu ena safikako. Pa L3 zonse zimachitikira m'pulogalamu chabe, ndiye eni mafilimu saikhulupirira kwambiri, amailola chithunzi chotsika chokha. N'chifukwa chake foni ina ya sikirini yaikulu yokongola imadawuniloda filimu yosaoneka bwino ngakhale mutasankha High. Pa Netflix ya Android pitani pa App Settings, mutsegule Playback Specification, muona msinkhu wa Widevine ndi chithunzi chapamwamba chomwe foniyo ingalandire. Pakalembedwa L3 ndi SD, kutanthauza chithunzi chotsika, musavutike kusintha zina.

Foni zomwe zidafulashidwa ndi pulogalamu yosakhala yake, kapena zomwe zidachitidwa root, kutanthauza kuthyola maloko a pulogalamu yake, zimatha kugwa kuchoka pa L1 kupita pa L3, ndipo zina Netflix siipezeka n'komwe pa Play Store yake. Kuti muone, tsegulani Play Store, Settings, About, muwerenge pa Play Protect certification. Ikalemba Device is not certified, yembekezani mavuto. Ogula foni zakale pamsika aziona pamenepa asanapereke ndalama.

Kachinthu kena kakang'ono ndi tsiku ndi nthawi. Kiyi ali ndi tsiku lothera, ndiye wotchi ya foni ikasokonekera, monga zimachitikira batire likatheratu pa foni zina, apu imaona ngati kiyi watha kapena wina akufuna kuba masiku. Ikani tsiku ndi nthawi kuti zizidzikonza zokha kuchokera pa netiweki, mulumikize, mutsegule apu. Kubweza tsiku m'mbuyo dala kuti filimu isathe kumangobweretsa vuto lomweli.

Aphunzitsi Nabanda: Ndili ndi memori khadi ya 32 GB. Ndikasunga mavidiyo 9 aja pa khadi, sindingaichotse n'kuika m'tabuleti ya kusukulu? Kapena kutumizira mphunzitsi mnzanga pa Bluetooth?

Kondwani wa mafoni: Kusunga pa khadi kumatheka. Pa YouTube ndi Use SD card m'gawo la Downloads pa Settings, lomwe kwa ena limalembedwa Background & downloads. Pa Netflix ndi Download Location. Koma khadiyo imangobwereketsa malo. Mukaitsegula mupeza tizidutswa ta mafayilo, ta YouTube timathera ndi .exo, ndipo VLC kapena pulogalamu ina iliyonse siingatitsegule. M'tabuleti ina sitigwira ntchito chifukwa kiyi adatsala m'foni yoyamba. Tabuleti ya kusukuluyo iyenera kudawuniloda yokha ndi apu yake, italowa mu akaunti.

Chenjezo lina pomwepa: musadine Clear data pa apuyo, musaichotse, ndipo pa Netflix musatuluke mu akaunti. Zonsezi zimataya makiyi, ndipo zomwe mudasunga zimapita. Mapulogalamu oyeretsa foni aja nawo amatha kusesa tizidutswato poganiza kuti ndi zinyalala.

Che Jafali: Koma za TikTok zimalowa mu Gallery ndithu, ndipo ndimatumizira anthu. Nanga kumeneko kiyi ali kuti?

Anaphiri: Kumeneko kulibe kiyi. Save video ya TikTok ndi yosiyana ndi ya Facebook ija, imatsitsa fayilo yeniyeni ya MP4 yokhala ndi chidindo cha TikTok ndi dzina la mwini wake. Chomwe chimalamulira ndi mwini akauntiyo: pa Privacy pali poyatsa ndi pozimitsa Downloads. Akazimitsa, Save video siioneka mukadina Share kapena mukagwira vidiyo kwa kanthawi. Mavidiyo a maakaunti obisika ndi a ana osakwana zaka 16 sadawunilodeka. Popeza fayiloyo ndi wamba, ikalowa m'foni siithanso, ngakhale mwini wake atafufuta yake. N'chifukwa chake makampani a mafilimu salola njira imeneyi.

Madalitso: Tinene zoona, anthu ambiri kuno amangoika mapulogalamu aja otsitsa chilichonse pa YouTube, nkhani n'kutha. Aphunzitsi angochita zomwezo pa mavidiyo awiriwo. Ndi maphunziro, si malonda.

Anaphiri: Kuti anthu amachita, palibe angatsutse. Koma malamulo a YouTube amaletsa kutsitsa vidiyo mwa njira ina kupatula yomwe iwo apereka kapena mwini wake walola, ndiye chifukwa chake mapulogalamuwo sapezeka pa Play Store, munthu amachita kukawatola kwina. Ndipo kuno tili ndi lamulo la kukopera la 2016, lomwe COSOMA imayang'anira. Lili ndi mpata wa zamaphunziro, koma mpatawo uli ndi malire ake, si chilolezo cha chilichonse. Pomwe mwini vidiyo ndi mphunzitsi mnzathu yemwe angayankhe uthenga, ine sindikuona chifukwa chodutsira kuseri.

Madalitso: Akapanda kuyankha? Mayeso sadikira.

Anaphiri: Pamenepo tisiyana maganizo. Ine ndingafunefune vidiyo ina ya mutu womwewo yomwe ili ndi batani.

Kondwani wa mafoni: Ine mbali ya lamulo ndiisiya kwa a Anaphiri. Mbali ya foni ndi yoti mapulogalamu otoledwa kunja kwa Play Store ambiri amapempha chilolezo chowerenga mauthenga ndi manambala, zomwe kutsitsa vidiyo sikufuna. Pa foni yomwe ili ndi Airtel Money kapena Mpamba, zimenezo si zamasewera. Ndipo pa Netflix sathandiza, chifukwa loko ya Widevine saitsegula. Kujambula sikirini nako kumatulutsa chithunzi chakuda.

Aphunzitsi Nabanda: Ndilembera mwini tchanelo. Tsopano ndikufuna kutsitsa 9 aja pa tabuleti ndi bandulo ya usiku, koma ndikadina akungolemba kuti akudikira, sakuyamba. Pa foni sizinachite zimenezi.

Yamikani ku Joni: Imeneyo ndi Download over Wi-Fi only, imabwera yoyaka kale. Izimitseni pa Settings m'gawo la Downloads. Pa Netflix dzina lake ndi Wi-Fi Only. Muonenso kuti bandulo yanuyo ndi ya intaneti yonse, chifukwa ya WhatsApp ndi Facebook yokha siitsitsa za YouTube, ndipo foni imatha kuyamba kudya mayunitsi.

Kondwani wa mafoni: Ndipo musanadine, werengani kukula. YouTube ikafunsa msinkhu wa chithunzi imalemba ma MB pambali pa uliwonse: Low ndi 144p, Medium ndi 360p, High ndi 720p. Ngati siikufunsa, pitani pa Download quality musankhe Ask each time. Pa masamu 144p siithandiza, manambala a pa bolodi saoneka. 360p imakwanira ngati mphunzitsi amalemba zikuluzikulu, apo ayi 720p. Yesani vidiyo imodzi pa 360p kaye, muione pa tabuletipo, ndiye musankhe za enawo.

Kuti muyerekeze bandulo, tengani liwiro la vidiyo kuchulukitsa ndi masekondi, mugawe ndi 8. Tiyerekeze kuti vidiyo ikuyenda pa theka la megabiti pa sekondi ndipo ndi ya mphindi 40. Masekondi ndi 2400, kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 1200, kugawa ndi 8 ndi 150 MB. Mavidiyo 9 otere ndi 1350 MB, ndiye bandulo ya 1 GB ithera panjira. Mavidiyo a bolodi losasuntha nthawi zambiri amachepa kuposa pamenepa, choncho nambala yomwe apu yalemba ndi yomwe muikhulupirire. Siyaninso malo opuma m'tabuleti, chifukwa ikadzaza kwambiri kutsitsa kumaima pakati.

Zikatha, muyese musananyamuke. Ikani tabuleti pa Airplane mode, muzimitsenso Wi-Fi, mutseke apu n'kuitsegulanso, mupite pa You kenako Downloads, mutsegule vidiyo iliyonse ndi kuikokera kufupi ndi kumapeto. Yomwe idaima pa theka imaoneka pamndandanda ngati ilipo, koma siitseguka.

Thoko: Pa Netflix onjezani chilankhulo pa mayeso amenewo. Filimu imatsika ndi mawu komanso malemba apansi omwe adasankhidwa nthawi yodawunilodayo. Mukafuna ena muli kopanda intaneti, mwina simuwapeza, ndipo pamafunika kufufuta, kusintha chilankhulo, n'kutsitsanso. Muonenso Smart Downloads: Download Next Episode imafufuta gawo lomwe mwamaliza n'kutsitsa lotsatira ikapeza Wi-Fi, zomwe si zabwino ngati anthu awiri akuonera pa foni imodzi nthawi zosiyana.

Aphunzitsi Nabanda: Ndazimitsa za Wi-Fi zija, ayamba kutsika. Pa 360p onse 9 akukwana 870 MB, ndiye bandulo ikwanira. Chomwe chatsala ndi cha masiku: tabuleti imagona kusukulu sabata yonse. Kumeneko netiweki imagwira pang'ono pabwalo la mpira pokha.

Kondwani wa mafoni: Pabwalopo pakwanira. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa wina aziitengera pamenepo, ayatse deta, atsegule YouTube pa Downloads, adikire mphindi zitatu kapena zisanu, azimitse. Loweruka ndi Lamlungu muisiye dala, Lolemba muyambe mwayesa vidiyo imodzi musanailumikize. Ikatseguka, ndiye kuti mavidiyo anuwo ali pa masiku 29, ndipo a Yamikani alondola.

Yamikani ku Joni: Mudzatiuze Lolemba, aphunzitsi. Mudzaonenso ija ya maola awiri ngati batani latuluka.